Ndikangotsitsa Neti, Ndimwa Piritsi

Lamulungu likubwerali, mukafika msanga ku Misa, mudzaime pang'ono pafupi ndi khomo la tchalitchi n'kuona anthu akulowa. Dzanja limapita lokha m'madzi odalitsidwa, chizindikiro cha mtanda chimatsatira, ndipo munthu akafika pa benchi bondo limagwada lokha. Palibe amene amalemba zimenezi papepala kuti asaiwale. Ngakhale mayi amene wabwera ali ndi nkhawa ya fizi, maganizo ali kutali, amazichita zonse mwadongosolo lake. Khomo ndi limene limakumbutsa dzanja, ndipo benchi ndi limene limakumbutsa bondo.

Amayi anzanga, nkhani ya lero yagona pamenepo. Munthu akafuna kuyamba kanthu katsopano kochita tsiku ndi tsiku, kawirikawiri amadalira mtima wake ndi kukumbukira kwake. Koma mutu wa mayi uli kale ndi katundu wambiri: ndiwo, madzi, ana, odwala, munda. Njira yodalirika ndiyo kutenga kanthu katsopanoko n'kukamangirira ku chinthu chimene mumachita kale tsiku lililonse osaganizira, kuti chakalecho chizikumbutsa chatsopanocho. Zili ngati kumezanitsa mango: kanthambi kakang'ono simukadzala pakokha m'dothi, mumakalumikiza ku tsinde limene lili kale ndi mizu.

Ndifotokoza njirayi pa nkhani imene ndakhala nayo zaka zambiri monga mzamba: mapiritsi owonjezera magazi amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo.

Piritsi limodzi patsiku

Mayi akakhala ndi pakati, magazi m'thupi mwake amawonjezeka pafupifupi ndi theka, ndipo mwana naye amatenga ayironi kwa mayi ake kuti apange magazi akeake. Chakudya chokha nthawi zambiri sichikwanitsa. N'chifukwa chake Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse limalangiza kuti mayi woyembekezera azimwa ayironi pamodzi ndi foliki asidi tsiku lililonse mpaka atachira. Zonse ziwirizi zimakhala m'piritsi limodzi lija timapereka kusikelo.

Tikayeza magazi a mayi woyembekezera, timafuna kuti nambala yake isatsike pansi pa 11. Ikatsika pansi pa 7, ndiye kuti magazi achepa kwambiri ndipo moyo uli pa chiopsezo. Mayi aliyense amataya magazi pobereka. Amene wafika ndi magazi okwanira amapirira. Amene wafika nkhokwe ili pansi, magazi omwewo amene mnzake wataya osadandaula akhoza kumukomola.

Kafukufuku wa za umoyo amene boma linachita m'dziko muno mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi oyembekezera 45 pa 100 alionse anali ndi magazi ochepa, ndipo mayi mmodzi yekha mwa atatu ndi amene anamwa mapiritsiwa masiku 90 kapena kuposerapo. Zifukwa zake n'zingapo. Ena amayamba sikelo mochedwa, ena mankhwala amawachititsa nseru, nthawi zina kuchipatala amakhala atatha. Koma yankho limene ndalimva kambirimbiri ndi lakuti, "Ndimaiwala." Ndipo n'zoona. Piritsi la mutu limakumbutsidwa ndi mutu wopwetekawo. Piritsi la magazi lilibe cholikumbutsa, chifukwa ukadumpha tsiku sumva chilichonse.

Mayi wa mapiritsi 22

Chaka china ndili ndi ophunzira anga kusikelo, kunabwera mayi wa ana atatu, ali ndi pakati pa miyezi isanu. Dzina lake ndi lake, sindilitchula. M'buku lake la kuchipatala munalembedwa kuti pobereka mwana wachitatu anataya magazi ambiri mpaka anawonjezeredwa ena. Titamuyeza tinapeza 11 ndendende, m'mphepete mwenimweni. Ndinamupempha kuti andionetse kapepala ka mapiritsi a mwezi wathawo. Mwa mapiritsi 30 amene analandira, munatsala 22.

Wophunzira wanga anayamba kumulangiza za kuopsa kwa kuchepa magazi. Mayiyo anangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Anamwino, zimenezo ndikuzidziwa. Ndi ine amene ndinagona pabedi paja." Sanali kusowa chiphunzitso, ndipo mantha anali nawo kale okwanira. Chimene ankasowa ndi malo a piritsilo m'tsiku lake.

Ndinakhala naye pansi. "Mayi, tandiuzeni tsiku lanu lonse, kuyambira podzuka mpaka pogona. Musasiye kanthu ngakhale kakang'ono."

Anayamba kutchula: kudzuka, kusesa, kukatunga madzi, kutereka tiyi, kupita kudimba, nsima ya masana, kusambitsa ana, nsima yamadzulo, kutsuka mbale, kutseka chitseko, kutsitsa neti, kukhala pamphasa n'kunena Tikuoneni Maria khumi, kenako kugona. Pa mndandanda umenewu tinayamba kufunafuna tsinde lathu.

Iye anasankha tiyi wam'mawa, chifukwa kapu imakhala kale m'manja. Maganizo abwino, koma ndinakana. M'masamba a tiyi muli zinthu zimene zimagwira ayironi m'mimba kuti asalowe bwino m'magazi, ndipo mkaka nawonso umachita chimodzimodzi. Mayi akhoza kumwa mokhulupirika miyezi yonse, phindu n'kukhala lochepa. Pakati pa tiyi ndi piritsi pazidutsa ola limodzi kapena awiri. Komanso iye nseru inkamuvuta m'mawa.

Kupita kudimba tinakusiya chifukwa Lamulungu ndi tsiku la msika sapitako. Nsima ya masana tinaisiya chifukwa masiku ena ankadyera kudimba komweko, masiku ena sankadya n'komwe. Nsima yamadzulo inali pafupi kupambana, popeza piritsi likatsatira chakudya nseru imachepa. Koma iye anaseka: nthawi imeneyo wamng'ono ali pamwendo, wina akulira, bambo akufuna madzi osamba m'manja. Manja ake sakhala ake.

Tinatsala ndi neti. Ndinamufunsa mafunso atatu. Kodi mumaitsitsa usiku uliwonse? Inde, chiyambire pamene mwana wake anadwala malungo aakulu. Mumatsitsa ndinu kapena wina? Ndi iye mwini. Pamalo amodzimodzi? Inde. Ndipo nthawiyo imafika pasanapite nthawi yaitali chidyereni, ana atagona, tiyi ali kutali. Tinapanga chiganizo chimodzi ndipo anachinena mokweza katatu: "Ndikangotsitsa neti, ndimwa piritsi limodzi."

Chiganizo chiyenera kukhala chakuthwa chotero. "Ndizimwa madzulo" sichigwira, chifukwa madzulo ndi aatali, amayamba dzuwa likupendeka mpaka munthu atagona, ndipo mphindi iliyonse umati ndimwa posachedwa. "Ndikangotsitsa neti" ndi kamphindi kamodzi kooneka ndi maso. Onaninso kuti chatsopano chikubwera pambuyo pa chakale, osati patsogolo pake. Chakale chikatha ndi pamene chimaitana chinzake. Mukati "ndisanatsitse neti ndimwa", palibe chokukumbutsani, chifukwa dzanja lidzafika pa neti mutu usanakumbuke.

Kumanga pomezanitsa

Kusankha tsinde ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kukonza kuti chatsopanocho chikhale pomwepo, chosafuna kudzuka kapena kufunafuna. Mapiritsi a mayiyu ankakhala m'chikwama cha kusikelo, chikwama chili m'sutikesi, sutikesi ili pansi pa katundu. Tinagwirizana kuti awaike m'kabotolo kouma kotseka bwino, n'kukapachika pa msomali m'mwamba, pafupi ndi pamene amakolekapo neti masana. Dzanja likapita kukamasula neti, likhudze kabotolo.

Mawu akuti m'mwamba ndikuwatsindika. Mapiritsi a ayironi ndi poizoni kwa mwana wamng'ono, ndipo amaoneka ngati maswiti. Mwana akameza angapo, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akuoneka bwino. Choncho malo ake akhale oonekera kwa mayi koma osafikirika kwa mwana, ngakhale atakwera pampando.

Panatsala madzi. Munthu wotopa akapeza kuti madzi ali kukhitchini kunja, mumdima, amati mawa. Tinaonjezera kanthu kamodzi: akamaliza kutsuka mbale, kapu yomaliza asaiike pathandala, aithire madzi akumwa, aivundikire n'kulowa nayo kuchipinda. Ndipo pemphero lake lija linatithandiza. Piritsili limafuna madzi okwanira, ndipo si bwino kugona chagada nthawi yomweyo, makamaka kwa mayi amene amamva kutentha pachifuwa. Akamwa n'kukhala tsonga kunena Tikuoneni Maria wake khumi, piritsi limapeza nthawi yotsika. Chatsopanocho chinalowa pakati pa zinthu ziwiri zakale, neti kutsogolo, pemphero kumbuyo.

Pomaliza ndinamuuza zimene adzaone, kuti zisamudzidzimutse. Chimbudzi chimada, ndipo zimenezo si matenda. Ena amadzimbidwa, ndiye madzi, masamba ndi zipatso zimathandiza. Zipatso monga magwafa, malalanje ndi malambe zimathandizanso kuti ayironi alowe bwino m'thupi. Ndinamuyankhanso za mphekesera ija yoti mapiritsiwa amakulitsa mwana mpaka kulephera kubadwa: ntchito yawo ndi kupanga magazi ndi kuteteza kuti mwana asabadwe wonyentchera, ndipo mayi wa magazi okwanira ndi amene amakhala ndi mphamvu pa tsiku lobereka. Chizolowezi sichimera pa chinthu chimene mtima ukuchiopa.

Pamene zinaphonyeka

Patatha mwezi anabweranso, ndipo tinawerenga. Munatsala mapiritsi asanu. Kuchoka pa 22 kufika pa asanu, ndinamuyamikira pamaso pa ophunzira. Koma sitinalekere pomwepo. Ndinamufunsa kuti masiku asanuwo anali ati, chifukwa masiku odumphidwa ndi amene amaonetsa pamene pali mng'alu.

Atatu anali a maliro kwawo kwa bambo. Anagona pasiwa, kopanda neti, kopanda msomali, kopanda kabotolo. Apa ndiye pali kufooka kwa njirayi: chatsopano chimadalira chakale, ndiye tsinde likachoka, kanthambi kamagwa nalo. Maliro, ulendo, kudikirira wodwala kuchipatala, misonkhano yogonera ku parishi, zonsezi zimasokoneza. Mankhwala ake ndi kukonzeratu tsinde lachiwiri la paulendo. Iye anasankha kusamba m'manja atadya nsima yamadzulo, chifukwa kulikonse kumene munthu angapite amasamba m'manja. Mapiritsi a masiku a ulendowo aziwakulunga m'kapulasitiki n'kuwamanga pa mfundo ya chitenje pamene amamanga ndalama.

Awiri enawo anali usiku umene mwana wake wamkulu anamutsitsira neti pofuna kumuthandiza. Analowa, napeza neti yotsitsa kale, nagona. Chomukumbutsa sichinali neti yokha ayi, chinali dzanja lake likumasula netiyo. Anangomuuza mwanayo kuti neti ya amayi aziisiya.

Ndinamuchenjezanso za miyezi yotentha, pamene ambiri amasiya neti chifukwa cha thukuta. Kwa iye kusiya neti kukanakhala kutaya ziwiri nthawi imodzi, chitetezo ku malungo ndi piritsi, ndipo malungo nawo amatha magazi. Pa masiku oiwalika lamulo ndi limodzi: musamwe awiri mawa lake kuti mubweze. Pitirizani ndi limodzi monga mwa nthawi zonse.

Mwezi wotsatira linatsala limodzi. Anandiuza kuti usiku wina kabotolo kanatha, ndipo atatsitsa neti anangoima, dzanja lili m'mwamba, akumva kuti china chake chasowa. Chimenecho ndiye chizindikiro chakuti chizolowezi chagwira: sufunikanso kukumbuka kuti uchite, koma ukapanda kuchita thupi limadabwa. Pofika mwezi wachisanu ndi chinayi magazi ake anali pa 12. Anabereka mwana wamkazi, anatayanso magazi ndithu, koma ulendo uno sanafunike kuwonjezeredwa ena.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Akatswiri a za kaganizidwe ka munthu anaifufuza nkhaniyi. Phillippa Lally ndi anzake, pa yunivesite ina ya mumzinda wa London, anatsatira anthu 96 kwa milungu 12. Aliyense anasankha kanthu kamodzi katsopano ka kadyedwe, kamwedwe kapena kolimbitsa thupi, n'kumakachita tsiku lililonse pa nthawi yofanana, monga akatha kudya chakudya cham'mawa. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2010, zinaonetsa kuti masiku apakatikati oti chinthu chiyambe kuchitika chokha anali 66. Koma anthu anasiyana kwambiri, kuyambira masiku 18 mpaka 254. Anapezanso kuti kudumpha tsiku limodzi sikunagwetse chizolowezi chimene chinali kumera.

Kwa ife phunziro lake ndi la kalendala. Masiku 66 ndi miyezi iwiri ndi kadzadza. Mayi amene wayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira amafika m'miyezi yomaliza, pamene thupi limafuna ayironi wambiri, chizolowezi chitakhazikika kale. Amene wayamba mwezi wachisanu ndi chiwiri akhoza kubereka chisanagwire bwino. Ndipo m'milungu yoyambayo musadabwe kuti mukufunikabe kudzikumbutsa. Pomezanitsa pamakhala pomanga mpaka patapola.

Kafukufukuyu anaonetsanso kuti zinthu zosavuta, monga kumwa madzi, zimakhazikika msanga kusiyana ndi zolemetsa. N'chifukwa chake kanthu katsopano kazikhala kakang'ono, kotha m'kamphindi, ndiponso kamodzi. Ndaona amayi achangu akufuna kupachika zonse pa neti imodzimodziyo: piritsi, kutsuka mano, kuwerenga Baibulo, kulemba ndalama za tsikulo. Pakatha sabata zonse zagwa. Yambani ndi chimodzi, chikagwira muonjezere china.

Zimene njirayi singachite

Kumangirira chizolowezi kumathetsa kuiwala basi. Ngati mayi wasiya chifukwa akusanza nthawi iliyonse akamwa, abwere kusikelo tikambirane, asangosiya mwakachetechete. Ngati mapiritsi atha kuchipatala, afunse tsiku limene abwere kudzatenga. Ndipo ngati zikhatho ndi m'kati mwa zikope mwayera, akupuma mwabefu atayenda pang'ono, mtima ukugunda kwambiri kapena akumva chizungulire, ameneyo asadikire tsiku lake la sikelo. Ayezedwe magazi msanga, chifukwa angafunike mlingo wina kapena chithandizo china.

Chenjezo lina ndi la amayi amene akumwa mankhwala otalikitsa moyo. Poti amamwa kale tsiku lililonse, n'zosavuta kuganiza kuti tsinde labwino ndi lomwelo. Koma ayironi amatha kugwira mankhwala amene ambiri akumwa masiku ano n'kuwachepetsa mphamvu ngati mwamwera pamodzi m'mimba muli mopanda kanthu. Mwina mumwere pamodzi ndi chakudya, mwina muwatalikitse maola angapo. Musasankhe nokha. Funsani anamwino amene amakupatsani mankhwalawo kuti akukonzereni nthawi yake. Chimodzimodzinso ngati mukumwa mankhwala a kutentha pachifuwa.

Gawo lathu kumphakati

Ambiri mwa inu amene mukuwerenga munamaliza kubereka. Koma muli ndi ana aakazi, apongozi ndi adzukulu, ndipo ndinu amene mumayendera oyembekezera m'miphakati yathu. Mukafika pakhomo, funso lakuti "Mukumwa mankhwala?" limabweretsa yankho laulemu lakuti inde. Yesani kufunsa kuti, "Mwanawe, piritsi lija umamwa ukatha kuchita chiyani?" Amene chizolowezi chamugwira amayankha nthawi yomweyo. Amene ayankhe kuti nthawi iliyonse imene wakumbukira, khalani naye pansi pamkeka, akuuzeni tsiku lake lonse, ndipo mufunefune limodzi chinthu chimene amachita tsiku lililonse, iye mwini, pamalo amodzi, kutali ndi tiyi. Asankhe yekha, chifukwa neti inagwira kwa mayi uja koma kwa wina chikhoza kukhala kutseka khola la nkhuku kapena kupachika kolona pa msomali.

Mukadzabweranso patatha milungu iwiri, werengani naye mapiritsi otsala. Osati monga woweruza, koma kuti mupeze masiku amene anadumphidwa ndi chimene chinachitika pa masikuwo. Ngati otsala ndi ambiri, musamudzudzule. Sinthani tsinde.

Ndipo inu amene munapatsidwa piritsi la kuthamanga kwa magazi la tsiku ndi tsiku, limene nalonso silipweteka ukalidumpha, tengani pepala usiku uno mulembe tsiku lanu kuyambira podzuka mpaka pogona. Malo a piritsi lanulo ali penapake pa mndandanda umenewo.